Ndalama ya Fodya Idziwenso Njira Yobwerera ku Banki

Ana anga, ndaona kuti chaka chino ambiri mwa inu mwadinda mabelo m'dzina lanu, osatinso la abambo anu. Jeke yalira m'zigafa zanu, mabelo asokedwa m'ziguduli, ndipo posachedwa magalimoto ayamba kulunjika ku Chinkhoma, ena ku Kanengo. Za kasankhidwe ka fodya sindikuuzani, mukuzidziwa kuposa ine. Ndikufuna tikambe za tsiku limene foni idzalire m'thumba kukuuzani kuti ndalama yalowa ku banki, ndi zimene mudzachite foniyo ili m'manja.

Ndinakhala msungichuma wa kalabu yathu ya fodya mbali ya Chamama kwa zaka zambiri. Masiku amenewo, ndalama ikalowa tinkadzuka tambala woyamba kukadikira matola, n'kukafika pa boma mzere utatuluka kale pakhomo la banki. Ena ankagona pakhonde pomwepo. Ukafika pa kauntala unkatapa zambiri, chifukwa ulendo wotere sunkafuna kuubwereza, ndipo unkabwerera ndalama utazimangirira m'chiuno, maso ali uku ndi uku. Airtel Money itabwera mu 2012, Mpamba wa TNM n'kutsatira mu 2013, poyamba tinkangoziona ngati njira yotumizira kangachepe kwa mwana wa kusekondale. Zinthu zinasintha pamene mabanki analumikizana ndi makampani a foniwa. Lero munthu ali pansi pa mtengo wa mango amachotsa ndalama ku akaunti n'kuziika mu foni, zimene inu mumati kupusha.

Chimene chikundidetsa nkhawa ndi ichi. Pafupifupi aliyense wa inu akudziwa kupusha kuchoka ku banki kupita mu foni, koma ndi owerengeka amene anayesapo kubweza ndalama kuchoka mu foni kupita ku banki. Mlatho umenewu ndi wowolokera mbali zonse ziwiri. Amene akudziwa mbali yotulukira yokha akaunti yake imakhala ngati nkhokwe yobooka pansi, ndipo pofika Okutobala, nthawi yogula feteleza, amapeza mulibe kanthu.

Tiyambe ndi kumvetsa chimene chimachitika mukadina nambala zija, chifukwa mavuto ambiri amene ndaona amachokera poganiza kuti banki ndi foni ndi chinthu chimodzi. Ndi nyumba ziwiri, iliyonse ndi kaundula wake, antchito ake, ndi nambala yake yachinsinsi. Ndalama imene mumaona mu Airtel Money kapena mu Mpamba sikhala m'kati mwa foni kapena mu simu khadi. Ndi chiwerengero cholembedwa m'kaundula wa kampani ya foni. Ndalama yeniyeniyo imakhala ku mabanki, mu akaunti yapadera imene kampaniyo imasungira makasitomala ake onse pamodzi, ndipo lamulo la Reserve Bank of Malawi limati kwacha iliyonse yolembedwa m'mafoni ikhale ndi inzake mu akaunti imeneyo. N'chifukwa chake foni ikagwera m'chitsime ndalama yanu simira nayo.

Tsono mukapusha K100,000, pamachitika zinthu zitatu motsatana. Banki imachotsa K100,000 pa dzina lanu. Kenaka imaiwerengera ku akaunti ya kampani ya foni n'kutumiza uthenga kumakina a kampaniyo. Pomaliza kampani ya foni imalemba K100,000 pa nambala yanu. Pobweza, zinthu zitatu zomwezi zimayenda chobwerera: kampani ya foni imachotsa, imauza banki, banki imalemba pa akaunti yanu. Mabanki ena analumikizana ndi makampani a foni mwachindunji, ndipo palinso makina a National Switch, amene anayamba ntchito mu 2015, olumikiza mabanki ndi makampaniwa pamodzi. Zonse zikamayenda bwino, ntchitoyi imatha musanabweze foni m'thumba. Koma sungani m'mutu kuti masitepe ndi atatu, chifukwa ndalama ikasowa imakhala yaima pakati pa awiri mwa iwo.

Kulumikiza kwenikweni kumachitikira ku banki. Mumapita nokha ku nthambi, mutanyamula chiphaso cha unzika ndi foni imene mumagwiritsa ntchito, n'kupempha kuti akulembetseni zobanki pa foni. Amalemba nambala yanu ya foni pa akaunti, ndipo mumasankha nambala yachinsinsi ya banki. Mabanki ena amalola kulembetsa pa foni pomwepo ngati nambala yanu ili kale m'mabuku awo. Pamenepa pali chinthu chimene chagwetsa anyamata ambiri kwathu kuno. Dzina la pa simu khadi, dzina la pa Airtel Money kapena Mpamba, ndi dzina la pa akaunti ya banki, onse akhale amodzi, ndipo akhale a pa chiphaso chanu. Pamene boma linkalembetsa masimu khadi mu 2018, ambiri mwa inu munali ana, ndipo nambala zimene mukuyendera lero zinalembedwa pa chiphaso cha amayi anu, achimwene anu, kapena mnzanu amene anasamukira ku Joni. Nambalayo imaimba bwinobwino, imalandiranso ndalama. Tsiku limene simu idzatayike ndi pamene mudzadziwe kuti si yanu, chifukwa woibwezeretsa ayenera kukhala mwini chiphaso. Konzani zimenezi mabelo asananyamuke.

Zitseko zake ndi izi, ndipo zimagwira pa kafoni kamabatani popanda intaneti:

```
*211#   Airtel Money
*444#   TNM Mpamba
*626#   National Bank
*247#   Standard Bank
*322#   NBS Bank
*525#   FDH Bank
```

Lamulo losavuta kukumbukira ndi lakuti mumagogoda pakhomo pamene ndalama ili. Ngati ili ku banki, mumadina nambala ya banki yanu, n'kusankha kutumiza ku foni, n'kusankha kampani, n'kulemba nambala ya foni, kuchuluka kwa ndalama, ndi nambala yachinsinsi ya banki. Ngati ili mu foni, mumadina nambala ya Airtel Money kapena ya Mpamba, n'kufufuza pamene palembedwa za mabanki, n'kusankha banki, n'kulemba nambala ya akaunti, kuchuluka kwa ndalama, ndi nambala yachinsinsi ya foni. Pa zikwangwani mudzaona alemba Bank to Wallet ndi Wallet to Bank, ndiwo maulendo awiriwa. Sindikukupatsani kuti dinani 4 kenaka 2, chifukwa mndandanda amausintha kawirikawiri, ndipo woloweza manambala osawerenga ndi amene amatumiza ndalama kolakwika. Werengani mzere uliwonse. Dzina la wolandira likaoneka, liwerengeni musanaike nambala yachinsinsi. Ngati silikuoneka, bwerezani nambala ya akaunti kawiri mukuyang'ana papepala, osati pamtima.

Musanadutsitse ndalama ya fodya pa mlatho umenewu, uyeseni ndi katundu wopepuka. Pushani K2,000 kupita mu foni. Ikafika, bwezani K1,000 ku banki. Onani zotsala mbali zonse ziwiri, ndipo mulembe mu kope kuti banki yadula zingati, foni yadula zingati. Mukatero mwadziwa kuti njira zonse ziwiri ndi zotsegula, ndipo mwaphunzira kumene malipiro amadulidwira. Safunsa anadya phula, ndipo pano funso lake likukudyerani makwacha ochepa chabe.

Tsopano tiyerekeze mmodzi wa inu wagulitsa mabelo a bale ku Chinkhoma. Fodya amagulidwa m'madola a ku America, koma chimene chimalowa mu akaunti ndi makwacha, atachotsa kale zodula zonse zolembedwa pa seloshiti, pamodzi ndi ngongole ya zipangizo ngati munalima pa kontirakiti. Tinene kuti zatsala K2,400,000. Choyamba, musapushe kanthu chifukwa choti mnzanu wa kalabu wakuuzani kuti zalowa. Dinani nambala ya banki muone nokha zotsala, ndipo muyerekeze ndi seloshiti. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo.

Ndalamayo ili ndi eni ake akudikira. Anyamata atatu amene anakuthandizani kuthyola, kusoka ndi kusankha akuyembekezera K150,000 aliyense. Wagalimoto akufuna K120,000. Mlongo wanu ku sekondale akufunika fizi ya K180,000. Pakhomo pakufunika K200,000 ya sopo, mchere, chigayo ndi zovala. Zonse pamodzi ndi K950,000, ndipo zotsala K1,450,000 ndi za feteleza, mbewu ndi mankhwala a kunazale.

Chimene achinyamata ambiri amachita ndi kupusha K950,000 yonse ku nambala yawo, n'kupita kwa ejenti kukatapa, n'kuyamba kugawa pamanja. Apa mwalipira kawiri, popusha ndi potapa, ndipo mwanyamula ndalama zambiri pa njinga popanda chifukwa. Njira imene ndimalangiza ndi yakuti ndalama iliyonse ipite molunjika kumene ikufunika. Anyamata atatu aja, ngati ali ndi Airtel Money kapena Mpamba, atumizireni kuchokera ku banki kupita pa nambala zawo mwachindunji, osadutsira pa yanu. Gwirizanani nawo kaye za ndalama yotapira, chifukwa amene analonjezedwa K150,000 akapita kwa ejenti n'kulandira zoperewera adzati mwamubera. Uthenga wa banki umakhala umboni wanu kuti munalipira, tsiku lakuti, ndalama zakuti. Mikangano ya malipiro a antchito a m'fodya ndaiweruza yambiri pabwalo la kalabu, ndipo wokhala ndi uthenga wotere sankatuluka thukuta. Fizi ya mlongo wanu ipite kuchokera ku akaunti yanu kupita ku akaunti ya sukulu, dzina la mwana litalembedwa pamene afunsa chifukwa chotumizira, ndipo sikufunika kuti idutse mu foni. Wagalimoto mumufunse kumene akufuna kulandirira. Chotsala choti chilowe pa nambala yanu ndi K200,000 ya pakhomo basi.

Ngakhale K200,000 imeneyo musaidule m'tizidutswa. Malipiro a maulendowa amaikidwa m'magawo, kuyambira ndalama yakuti kufika yakuti mtengo wake wakuti. Amene amapusha K10,000 lero, K15,000 mawa, K8,000 mkuja, amalipira khomo lililonse kambirimbiri, ndipo akaphatikiza pamwezi amapeza kuti wataya ndalama yokwanira kugula mbewu ya dimba. Pushani kamodzi pa sabata kapena pa masabata awiri. Ndipo musanapushe ndalama yoti mukatape, yambani mwafunsa ejenti ngati ali nayo m'manja. M'nyengo ya fodya aliyense akutapa, woika ndi ochepa, choncho maejenti a m'tinsika ta kumudzi amatha ndalama za pamanja dzuwa lisanafike paliwombo. Ndaona anthu atapusha ndalama zambiri, n'kupezeka akukwerabe njinga yamoto kupita pa boma kukasaka wowatapitsa, ulendo womwe uja ankafuna kuupewa.

Dziwaninso kuti foni ili ndi malire. Pali malire a ndalama imene nambala imodzi ingasunge, malire a ulendo umodzi, ndi malire a tsiku, ndipo banki nayo imaika ake. Ziwerengerozi zimasintha, choncho zifunseni tsiku lolembetsa ndipo muzilembe mu kope lija. Foni sinapangidwe kuti isunge ndalama ya fodya ya chaka chonse.

Tsopano njira yobwerera, imene ndalembera zonsezi.

Mlimi wa ku Kasungu salandira ndalama ya fodya yokha. M'mwezi wa Meyi ndi Juni mumagulitsa soya ndi mtedza, ena mpendadzuwa. Pali mbuzi, pali tomato wa kudimba, pali zimene achimwene amatumiza kuchokera ku Joni. Ndalama zimenezi masiku ano zimafika pa foni kapena pamanja, ndipo n'zimene zimasungunuka osadziwa kuti zapita kuti, chifukwa ndalama ya mu foni ili pafupi kwambiri ndi chala. Mayunitsi, bandulo, kubetcha mpira, mnzako wapempha, wina wadwala. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Ndalama ya ku banki nayo mutha kuifikira pa foni yomweyo, zoona, koma pali khomo lina, nambala ina yachinsinsi, ndi malipiro ena, ndipo kamphindi kameneko kamapatsa munthu mpata wodzifunsa. Ine kandipulumutsa kangapo.

Tiyerekeze mwagulitsa soya ndipo wogula wakutumizirani K380,000 pa Mpamba. Choyamba musadalire uthenga wokha, chifukwa mauthenga abodza alipo. Dinani nambala ya Mpamba muone kuti zotsala zakweradi, matumba asanachoke m'manja mwanu. Mukatsimikiza, tsiku lomwelo, musanachoke pamsika, bwezani K300,000 ku akaunti yanu ndipo musiye K80,000 mu foni. Ngati wakulipirani pamanja, pitani kwa ejenti muike mu foni yanu, kenaka mutumize ku banki. Apa nyengo ya fodya ili kumbali yanu. Ejenti yemwe uja amene analibe ndalama zokutapitsani amakulandirani ndi manja awiri mukabwera kudzaika, chifukwa foni yake yadzadza ndi ndalama za anthu otapa, ndipo chimene akusowa ndi makwacha a pamanja amene inu mwabweretsa. Ndalama ya feteleza ija yafika K1,750,000 musanakwere galimoto iliyonse.

Njira yobwererayi ili ndi phindu lina limene sindinaliganizire mpaka linandipeza. Akaunti ya mlimi wa fodya imagwira ntchito kuyambira Epulo mpaka Ogasiti, kenaka imagona. Akaunti ikakhala nthawi yaitali osagwiritsidwa ntchito banki imaitseka kwakanthawi, ndipo kuti idzuke mumayenera kupita nokha ndi chiphaso. Alimi ambiri amazindikira zimenezi fodya atagulitsidwa kale, akudikira ndalama imene sangathe kuitapa. Amene amatumizako kangachepe mwezi ndi mwezi n'kumaona zotsala amadziwa msanga ngati chinachake chavuta. Funsani banki yanu kuti imatseka pakapita miyezi ingati, ndiponso ngati ndalama yochokera pa foni imawerengedwa kuti akaunti ikugwira ntchito. Komanso tsiku limene mudzafune ngongole, adzayang'ana sitetimenti. Akaunti imene imalandira kamodzi pachaka n'kuuma m'masabata atatu imakamba nkhani ina, imene imalandira za soya, za mbuzi ndi za dimba chaka chonse imakamba inanso.

Sindikunena kuti ndalama igone ku banki mpaka kalekale. Tonse tikukumbukira Novembala 2023, pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, mitengo ya zinthu n'kukwera ndalama zili chikhalire mu akaunti. Feteleza akapezeka pamtengo wabwino mu Julayi kapena Ogasiti, gulani nthawi yomweyo mumuike m'nyumba. Banki ndi pomwe ndalama ikudikirira ntchito yake, kuti isadyedwe ndi zing'onozing'ono isanafike tsikulo.

Ndikuuzeni za tsiku limene ndalama inandiimira pakati. Linali Lachisanu madzulo, msika wa fodya uli pachimake, ndipo ndinkafuna kulipira anthu a ganyu m'mawa mwake. Ndinapusha K200,000. Uthenga wa banki unabwera wakuti achotsa. Wa ku foni sunabwere. Ndinadikira pang'ono, mtima unayamba kuthamanga, ndipo ndinaganiza kuti mwina sizinatheke, ndibwereze. Ndinabwereza. Banki inachotsanso K200,000 ina. Usiku umenewo sindinagone, K400,000 yachoka ku akaunti, mu foni mulibe. M'mawa ndalama imodzi inalowa. Inayo inatenga masiku angapo kuti ibwerere ku akaunti, nditapita pa boma kawiri, ndipo ulendo woyamba ndinabwerera chabe chifukwa ndinali nditafufuta mauthenga kuti foni ipeze malo.

Chimene chinachitika ndi chija ndanena kale. Sitepe loyamba linatheka, koma uthenga wochoka ku banki kupita ku kampani ya foni unachedwa m'njira. Zimachitika kawirikawiri kumapeto kwa mwezi, madzulo a Lachisanu, ndi pamene netiweki ikudukaduka. Nthawi zina choletsa chimakhala kumbali ya wolandira: nambala yafika malire ake, kapena sinalembetsedwe pa Airtel Money kapena Mpamba ngakhale imaimba, kapena mwasankha kampani ina nambala ili ya kampani ina. Zikatere ndalama siinatayike. Ili m'mabuku a mmodzi wa awiriwo, ndipo akamayerekeza mabuku awo imapitirira kapena imabwerera.

Choncho zikakuchitikirani, musabwereze. Onani zotsala mbali zonse ziwiri podina nambala, chifukwa nthawi zina ndalama imafika uthenga osabwera. Ngati yachoka uku koma siinafike uko, sungani uthenga wa mbali imene yachotsa. M'menemo muli nambala ya ulendowo, ndipo ndi imene akafufuzire. Ikopereni mu kope pamodzi ndi tsiku, nthawi, ndalama, ndi nambala yolandira. Dandaulo liyambire kwa amene anachotsa: ngati mumapusha kuchoka ku banki, yambani ku banki, ngati mumatumiza kuchoka mu foni, yambani ku kampani ya foni. Ejenti wa pamsika sangakuthandizeni pa zimenezi, iye saona mabuku a aliyense wa awiriwa, ndipo musamukalipire. Pemphani kuti akupatseni nambala ya dandaulo lanu ndi tsiku loti mubwerenso. Akamangokuponyerani uku ndi uku masabata n'kumapita, dziwani kuti Reserve Bank of Malawi imalandira madandaulo a makasitomala a mabanki ndi a ndalama za pafoni, ndipo adzakufunsani zomwe munalemba mu kope zija.

Kutumiza pa nambala yolakwika ndi nkhani ina, ndipo ndi yowawa kuposa. Apa makina sanalakwe, achita zimene munawauza. Imbani ku banki kapena ku kampani ya foni nthawi yomweyo, osadikira mawa, chifukwa wolandirayo akatapa ndalamayo kuibweza kumavuta kwambiri.

Pomalizira pake, mawu awiri okhudza chitetezo, chifukwa mlatho wowolokera mbali ziwiri mbala nayo imawolokerapo. Kale wokubera foni ankapeza zimene zili mu foni basi. Mukalumikiza, simu khadi yanu yasanduka kiyi wa nkhokwe yonse. Nambala yachinsinsi ya banki ndi ya foni zikhale zosiyana, ndipo isakhale chaka chanu chobadwa, chifukwa chalembedwa pa chiphaso chimene mumachisunga m'thumba limodzi ndi foni. Musapereke foni kwa ejenti kapena kwa mnzanu kuti akudinireni. Ngati agogo anu amadziwa kuwerenga koma maso afooka, akhalireni pambali muwawerengere, nambala yachinsinsi adine okha. M'nyengo ya msika mudzalandira mafoni a anthu olankhula mwaulemu, onena kuti ali ku banki kapena ku kampani ya foni, akuti akaunti yanu itsekedwa mukapanda kuwauza nambala imene yangobwera pa foni yanu. Amadziwa kuti ku Kasungu ndalama zalowa. Wa banki weniweni safunsa nambala yachinsinsi. Dulani foni. Uthenga uja wakuti ndalama ija mutumize pa nambala iyi, nonse munaulandirapo, ndipo ukupitirira kubwera chifukwa pali amene amatumizadi.

Chizindikiro chimodzi musachinyalanyaze. Foni yanu ikataya netiweki mwadzidzidzi, a pafupi nanu a kampani yomweyo ali nayo, ndipo mwazimitsa n'kuyatsa koma sizikusintha, n'kutheka kuti wina watulutsa simu khadi ina pa nambala yanu. Musadikire kuti mwina ibwerera. Bwerekani foni, imbani ku banki ayimitse zobanki pa foni, kenaka ku kampani ya foni. Yambani ndi banki chifukwa ndiko kuli zambiri. Chimodzimodzi foni ikatayika ku msika kapena ku mowa. Nambala zoimbira zimenezi zikhale mu kope kunyumba, osati mu foni yomwe yatayikayo.

Ndipo inu amene mwasankhidwa m'maudindo a makalabu, akaunti ya kalabu imene imafuna anthu awiri kapena atatu kusainira musaimangirire pa foni ya munthu mmodzi, ngakhale akhale wa mpingo wanu kapena mbale wanu. Masaini aja anaikidwa kuti munthu mmodzi asathe kutulutsa ndalama ya anthu khumi yekha usiku. Ndalama ya kalabu igawidwe ku maakaunti a mamembala poyera, seloshiti ili pamphasa, aliyense akuona. Kuchokera pamenepo aliyense alumikize yake.

Msika usanatsegulidwe, patulani tsiku limodzi. Nyamulani chiphaso cha unzika, foni ndi kope, mupite pa boma. Muonetsetse kuti simu ili m'dzina lanu, akaunti ili maso, ndipo nambala yanu yalembedwapo. Mufunse malire ndi malipiro. Musanatuluke pakhomo la banki, pushani K2,000 mu foni, ndipo ikafika mubweze K1,000, wa pa kauntala akadali pafupi kuti akuthandizeni ngati njira yobwererayo yakana.